Chikopa cha Nyalugwe ndi Sikelo ya a Kumwenda

Za ubwana wanga ku Chikwa sindilembapo, chifukwa unali ubwana wa mwana aliyense wa m'chigwa cha Luangwa: kupirikitsa mbalame m'mapira, kuthawa njovu ndi kudwala malungo. Ndikulemba m'Chinyanja popeza inu ana anga munakulira m'tauni, ndipo Chisenga mumachimva ndi khutu limodzi. Ndiyambire pa ntchito.

1950 mpaka 1952

Ndinaphunzira ukalipentala pa mishoni ina kumtunda, cha ku Lundazi. Mphunzitsi wathu anali mzungu wokalamba, bulaza wa mpingo, amene tinkamutchula kuti Abulaza Utuchi chifukwa ndevu zawo sizinkasowa utuchi. Ataona kuti ndimajambula nkhope za anzanga ndi makala pa zidutswa za matabwa sanandikalipire. Anandichotsa pa macheka n'kundiika pa penti, kulemba zikwangwani. Masana a Lamulungu ankanditsegulira buku lawo lalikulu lopanda chikuto, lodyedwa ndi chiswe m'mphepete, lodzaza ndi zithunzi za mafumu ndi anthu olemera a makedzana.

Ine ndinkathamangira kuyamikira kukongola kwa anthuwo. Iwo ankaika chala chawo chachikulu pa tsamba n'kunena m'Chinyanja chawo chopindika kuti, "Simoni, usayambe ndi nkhope. Yamba wafunsa, analipira ndani, ndipo ankafuna kuti woona amve chiyani?" Anandionetsa mafumu a ku Iguputo osemedwa pamwala, onse anyamata amphamvu ngakhale amene anafa atakalamba, ndipo aakulu kuposa anthu oima pambali pawo. Anandionetsa akuluakulu a ku Roma amene ankafuna makwinya awo onse aoneke, chifukwa kwawoko makwinya ndiwo ankasonyeza munthu woyenera kumumvera pabwalo. Panali mfumukazi ina ya ku Mangalande imene inakalamba mpaka mano kuda, koma ojambula ankapatsidwa nkhope imodzi yovomerezeka, yosalala, kuti azikopera yomweyo. Panalinso mfumu yaifupi imene wojambula anaikweza pa kavalo wamkulu n'kuijambula ngati akuiona ali pansi, kuti aliyense woima patsogolo pa chithunzicho adzimve wamng'ono. Ndinafunsa ngati limenelo silinali bodza. Anaseka. "Ndi bodza limene onse awiri amalidziwa. Koma pali malire. Mfumu ina inatumiziridwa chithunzi cha mkazi woti imukwatire, inakondwa, mkaziyo atafika ukwati sunakhalitse." Pochoka ine pa mishoni, anang'amba masamba angapo amene ulusi unali utawataya kale n'kundipatsa.

1953 ndi 1954

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa khoti la mfumu ina ya m'chigwa, ulendo wa tsiku pa njinga kuchokera pa Chama. Dzina la mfumuyo sindilitchula, zidzukulu zake zilipo. Masiku amenewo Chama inali malo aang'ono, nkhani zazikulu zonse zinkapita ku boma la Lundazi. Ine ndinali wolemba zikwangwani: za pa milatho, za pa zitsime, ndi zithunzi zazikulu za kashembe zochenjeza anthu za matenda a kaodzera. Bwana wanga anali mlembi wa khoti, a Ng'uni, munthu waukhondo wovala masokosi ofika m'maondo ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Sanali woipa mtima, koma ankakonda kuti mfumu izimva zabwino zonse kuchokera pakamwa pawo. Penti inkabwera pa lole kamodzi mvula isanayambe, ndipo ikatha, yatha. Ndinaphunzira kusefa katondo kuti ndipeze kufiira, kukanda mwaye m'madenga a makhitchini, ndi kupempha buluu wochapira kwa akazi a aphunzitsi. Maburashi ndinkamanga ndekha ndi ubweya wa kumchira kwa gologolo.

Kenako boma linatumiza chithunzi cha mfumukazi yatsopano ya ku Mangalande kuti chipachikidwe m'khoti. Mfumu yathu, nkhalamba yaifupi yokonda kuseka, inaima nthawi yaitali ikuchiyang'ana ndi diso lake limodzi. Linalo linaphulika ndi nthambi pothawa njati ikali mnyamata. Inati, "Mwanayu amuveka zolemera. Khosi silimupweteka?" A Ng'uni anapezerapo mwayi n'kunena kuti pansi pake payenera kukhala chithunzi cha mwini dziko, ndipo wojambula alipo kale, amadya za khoti.

Ndinatenga thabwa la bokosi la tiyi, ndinalipaka njereza yosakaniza ndi guluu wophika ku chikopa cha njati, n'kulipala mpaka kusalala. Utoto ndinkasungunula ndi chikasu cha mazira monga anandiphunzitsira Abulaza, chifukwa mafuta a nsawa sauma. Tsiku loyamba a Ng'uni anandikokera pambali. "Uike maso awiri. Chilema sichikwera pakhoma." Mfumu inamva. Inati, "A Ng'uni, mukandipatsa maso awiri anthu adzati ndi mng'ono wanga. Ndipo mng'ono wangayo mpandowu akuufuna kale." Akapaso, asilikali a khoti aja, anabisa nkhope akuseka. Ine ndinagwada n'kutulutsa tsamba limodzi la Abulaza, la mkulu wina wa ku Italiya wovala chipewa chofiira, wojambulidwa cham'mbali. Ndinalongosola kuti ameneyu anataya diso lamanja pa masewera a mikondo, ndiye ankamujambula mbali yamanzere yokha, ndipo palibe ankadabwa chifukwa ndi mmene mafumu amaonekera pa ndalama. Mfumu inapempha ndalama yachitsulo kwa kapaso, inaitembenuza, inagwedeza mutu. "Ndiye kuti sunawonjezere kanthu, wangosankha poima. Chita zimenezo."

Inakhala pa mpando wake wosema, itavala mkanjo wa boma, litchowa m'dzanja, mapazi pa chikopa cha nyalugwe. Ine ndinakhala pansi, monga mwambo unkafunira, ndipo pomwepo ndinazindikira kuti mwambo wathu unali utachita kale ntchito ya kavalo uja: munthu wamfupi ukamuona uli pansi amatalika yekha. Tsiku lina tili awiri inandinong'oneza kuti, "Imvi usiye, ndizo zimaweruza milandu. Koma khosi ili lakhwinyata ngati la kamba, ulikonzeko pang'ono." Ndinalikonza. Chithunzicho chinali cha thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo chitapachikidwa anthu ankabwera kuchokera kutali kudzachiombera m'manja.

1955

Mwa amene anabwera kudzaona munali a Yotamu Kumwenda, mwini sitolo yokhayo ya m'deralo. Anagwira ntchito ku migodi zaka zambiri, anabwerako ndi makina osokera, sikelo ndi mtima wosafuna kugwadiranso munthu. Ndiwo analera Estere, amayi anu, atate awo atamwalira, popeza anali akulu awo a malemuwo. Nthawi imeneyo ankhoswe anga anali atapita kale kukagogoda, mawu anali atalandiridwa, ndipo ine ndinali nditayamba kupatuka m'njira ndikawaona akubwera.

A Kumwenda anandiitanitsa kuseri kwa sitolo. Ndinakhala pansi chapatali, nkhope kumbali. Anati, "Chithunzi chija ndachiona. Manje ndifuna changa, chachikulu kuposa chija. Thupi lonse. Ndikhale pa mpando, ndipo kumapazi uike ichi." Anatsegula sutikesi, ndipo m'menemo munali chikopa cha nyalugwe, chogula mobisa kwa mlenje. Kwathu nyalugwe akaphedwa chikopa chimapita kwa mfumu, ndipo munthu wamba kuchiponda ndiko kunena kuti dziko lili ndi eni awiri. Komanso chilolezo cha sitolo chinkatuluka ku khoti lomwelo, m'manja mwa a Ng'uni.

Ndinati, "Adada, chikopacho chili ndi mwini wake."

"Ku migodi kuli nyumba zojambulira," iwo anatero. "Ulowa, akuveka jekete, ukhala pa mpando wa maluwa, kumbuyo nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Palibe akufunsa kuti atate ako anali ndani." Kenako anapitiriza motsitsa mawu. "Atate anga ankanyamula machila a atate a mfumu iyi. Phewa lawo linali ndi chikundu ngati la ng'ombe ya pagoli. Anafa asanakhalepo pa mpando. Manje mchere wa dziko lonse lino utuluka m'nyumba mwanga, ndi mfumu yomwe itumiza kuno. Chikopa cha nyama chindikanike?"

Ndinapempha nthawi yoti ndiganize. Ndikajambula, sitolo itsekedwa, ine ntchito itha, ndipo nkhalamba imene inandikhulupirira ndi khosi lake ichita manyazi pamaso pa anthu ake. Ndikakana, Estere ndamutaya. Ndipo panabwera njira yachitatu, yonyansa kuposa zonse. A Ng'uni anali atamva mphekesera kwa mlenje uja. Anandiitana mu ofesi, anandipatsa mpando, chinthu chimene anali asanachitepo. "Simoni, akuti apongozi ako ali ndi katundu wa mfumu. Iwe umalowa kuseri kwa sitolo. Ungonena zimene unaona, ndipo malo a wothandiza mlembi ali opanda munthu." Ndinayankha kuti ndinalembedwa ntchito ya zikwangwani, ndipo za m'masutikesi a apongozi mkamwini sazinena. Anandiuza kuti mpandowo ndiubweze pakona.

Madzulo ake ndinapita kwa a Kumwenda ndi nkhoswe wanga. Ndinati, "Adada, chilichonse ndikujambulirani, koma chikopa ndi mpando dzanja langa lakana. Sindikufuna Estere adzaone sitolo ya atate ake itakhomedwa matabwa chifukwa cha ine." Iwo sanakweze mawu. Anauza nkhosweyo kuti nkhani ya ukwati iyambe yaima, popeza m'banja mwawo simulowa munthu wamantha. Sabata yomweyo a Ng'uni ananditumiza cha ku Kambombo kukalemba zikwangwani za pa madooko ndi milatho yamitengo, mvula itayamba kale.

1956

Dzinja limenelo linali lalitali. Njinga ndinkainyamula pamutu kuposa mmene inkandinyamulira ine, penti inkakana kuuma, ndipo ndinkagona m'makalasi a sukulu za m'midzi. Estere ananditumizira nsawa zokazinga kudzera mwa mphunzitsi wina, ndi mawu akuti, "Akadali okwiya, koma amama akuti udikire."

Amama amenewo anali NyaZimba, mkazi wa a Kumwenda, mayi wachete amene ankasoka madiresi pakhonde la sitolo. Zimene anachita ndinazimva nditabwerera. Amuna awo atapita ku Lundazi kukatenga katundu, anatulutsa chikopa chija, anachikulunga m'nsalu yatsopano, anatenga nkhuku yoyera ndi azimayi anzawo awiri, n'kupita ku khoti masana, anthu ali odzaza. Anagwada n'kunena kuti amuna awo anaombola chikopa cha mfumu kwa mlenje amene akanachigulitsa kunja, ndipo awatuma kuti achipereke kwa mwini wake. Mfumu, imene ndikhulupirira inkadziwa zonse, inathokoza mokweza n'kutumiza kapaso ndi mwendo wa nyama kunyumba kwa a Kumwenda. A Ng'uni analemba zonsezo m'kaundula ndi dzanja lawo. A Kumwenda pobwera anapeza mudzi wonse ukuwatama chifukwa cha ulemu. Akuti sanalankhule ndi akazi awo masiku angapo, koma nyamayo anadya.

Mvula itatha anandiitanitsanso. Anati, "Chikopa chapita. Amayi ako andigulitsa. Manje undijambula bwanji, ngati wonyamula machila?" Ndinali nditabwera ndi masamba a Abulaza. Ndinawayala pa thumba la mchere n'kuwauza zimene ndinaphunzitsidwa: kuti kale amalonda a ku Ulaya ankangolowa m'zithunzi za m'tchalitchi zimene analipira okha, atagwada pakona, aang'ono ngati ana. Chuma chitakula anayamba kujambulitsa zawozawo, koma chithunzi cha thupi lonse chinali cha mafumu ndi a m'banja lawo. Wamalonda ankajambulidwa kulekeza m'chiuno, ali kuseri kwa tebulo, ndipo ulemerero wake ankauika m'zinthu. Patsogolo pake ena olemera kwambiri anadzayamba kujambulitsa thupi lonse, ndipo anthu obadwira m'maufumu ankawaseka kumbali.

Anatola tsamba limodzi, la munthu wa ndevu zazifupi ali mu ofesi yake. Anafunsa chifukwa chake wavala zakuda ngati wofedwa. Ndinati nsalu yakuda bii, yosasuluka, inali yodula kwambiri masiku amenewo. Wosadziwa ankaona munthu wodzichepetsa woopa Mulungu, wodziwa nsalu ankaona chuma. Anaseka koyamba. "Ameneyu anali wochenjera." Ndinawaonetsa mkeka wa maluwa woyalidwa patebulo, wochokera ku maiko akutali, kusonyeza kumene malonda ake ankafika, makalata opachikidwa kukhoma, kusonyeza kuti amadziwika m'mizinda ina, ndi sikelo yaing'ono, kunena kuti sabera munthu. Anayang'anitsitsa, n'kunena chinthu chimene ine sindinachiganizepo. "Uyu akundiyang'ana m'maso. Mfumu yako ija ikuyang'ana kukhoma." Ndinati mfumu siyenera kuyang'ana munthu, anthu ndiwo amaiyang'ana, koma wamalonda amafuna umukhulupirire. Anabweza tsambalo. "Undijambule ndikuyang'ana anthu. Maso onse awiri."

Ntchitoyo inali yovuta pa chifukwa china: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. NyaZimba anathetsa nkhaniyo ponena kuti ukwati unaimitsidwa ndi eni ake, choncho pakali pano ndine mmisiri chabe, ndiyang'ane mmene ndingathere. A Kumwenda anavala jekete yawo yakuda ya ku migodi m'kutentha kuja, tcheni cha wotchi pachifuwa, ndipo anaima kuseri kwa kauntala. Ndinawauza kuti ojambula akale ankalipiritsa padera manja chifukwa ndi ovuta, iwo anati aoneke onse awiri, lina pa mpukutu wa nsalu, lina pafupi ndi sikelo. Sikeloyo anaiyesa okha kuti mbale zake zilingane ndendende. Kumbuyo ndinaika mashelefu a sopo, machesi ndi makasu, ndipo NyaZimba anaumirira kuti makina awo osokera aonekeko pakona. Mwaye wa m'makhitchini atatu unathera pa jekete imeneyo.

Chithunzicho chitatsala pang'ono kutha, mwini wake anazungulira kudzaona. Anakhosomola. A Kumwenda anali munthu wamtali wowonda, fumbi la ku migodi linali litawadya m'chifuwa. Anati, "Nkhope ndi yanga. Koma munthu uyu akuoneka ngati sadya. Ndani angagule mchere kwa munthu wanjala? Adzati chuma changa n'cha mankhwala, chikundidya." Ndinafunsa kuti ndichite chiyani. Anayang'ana kukhomo ngati kuli munthu, n'kujambula ndi dzanja m'mwamba, patsogolo pa malaya awo, kachitunda. "Pang'ono chabe. Ya munthu wa sitolo." Ndinawaikira mimba, ndinakhuthalitsanso masaya, ndipo tcheni cha wotchi chinagona bwino pamenepo.

Tinachipachika m'sitolo pamwamba pa kauntala. Patapita masiku mfumu inabwera yokha ndi kapaso mmodzi, akuti kudzagula fodya. Anthu anadzaza pakhonde, a Ng'uni ali kumbuyo. A Kumwenda anatuluka kuseri kwa kauntala n'kugwada, mawondo akulira. Mfumu inayang'ana chithunzicho kuyambira pamwamba mpaka pamene chinalekeza, ndipo ndinaona diso lake likufunafuna kumunsi, kumene kunalibe mapazi kapena chikopa. Kenako inayang'ana mwini wake. "Yotamu, wanenepa liti?" Sitolo yonse inaseka, ndipo a Kumwenda, ali chogwada, anayankha kuti, "Tsiku lomwe khosi lanu linasalala, mfumu." Nkhalambayo inaseka mpaka kutsamira pa thumba la mchere, misozi ikutuluka m'diso limodzi lija. Itapuma inauza kapaso kuti abweretse mpando wa m'sitolo. "Khala apa, Yotamu. M'nyumba ya malonda ako mwini mpando ndiwe." Anakhala, pamaso pa anthu onse, mfumu ili chiimire ikusankha fodya. Sanakhalitse, anaimirira msanga, koma NyaZimba anandiuza kuti madzulo ake amuna awowo anapita okha kumanda a atate awo.

Tinakwatirana ndi amayi anu chaka chomwecho titakolola. Pa khoti ndinagwirapo mpaka 1959, pamene ananditumiza ku Lundazi ku ntchito za misewu, ndipo a Ng'uni ndiwo anandilembera umboni wabwino. Apongozi anga anamwalira inu aakulu mukali akhanda, chifuwa chija chitawagonjetsa. Chithunzi china cha iwo kulibe, ndiye nonsenu munakula mukudziwa agogo anu a m'sitolo ngati munthu wathupi, wa masaya odzaza, ndipo ndamva ena mwa inu mukuuza ana anu kuti kunenepa munatengera kwa iwo. Amayi anu ankangonditsina tikamva zimenezo. Agogo anu anali owonda ngati bango. Maso ndi awo, manja ndi awo, sikelo yolingana ija ndi yawo ndithu, sanaberepo munthu. Mimbayo ndinawapatsa ndine, ndipo anaikonda mpaka tsiku lawo lomaliza.